Kuyankha odita pa malipiro osagwirizana ndi banki

"Odita wanditumizira malipiro 14 omwe akuti sakugwirizana ndi sitetimenti ya banki, ndipo akufuna yankho pofika Lachisanu. Ndiyankhe bwanji? Kapena ndiwasiyire abwana ayankhe okha?"

Za amene asayine kalatayo mukambirane nokha kumeneko achemwali, ine ndinena za yankholo.

Musawaphatikize onse 14 m'ndime imodzi. Malipiro aliwonse akhale ndi mzere wake: tsiku, nambala ya vocha, wolipidwa, ndalama zomwe zili m'kashibuku, zomwe zatuluka ku banki, kusiyana kwake, chifukwa chake, ndi nambala ya pepala la umboni. Nambala yomweyo muilembenso pakona pa pepalalo kuti odita asavutike kulifufuza.

Ndaona ena pano akuti mungolemba kuti "kwangosiyana masiku". Yankho lotere limabwerera tsiku lomwelo. Tinene kuti chaka chanu chimatha pa 31 Disembala, cheke munalemba pa 28, ndipo chinatapidwa pa 9 Januwale. Umboni wake ndi sitetimenti ya Januwale, mzerewo mutaudula ndi cholembera kunsi kwake. Vocha payokha siikwanira poti munailemba ndinu nomwe, ndipo odita amakhulupirira pepala lochokera kunja kuposa la mu ofesi mwanu. Koma ngati cheke chatha miyezi ngati 6 chisanatapidwe, si nkhani ya masikunso. Mabanki ambiri sachilandira, ndiye chifafanizidwe m'mabuku, ngongole ya wolipidwayo ibwerere.

Pomwe ndalama zasiyana, yambani mwagawa kusiyanako ndi 9. Kashibuku ikati 45,900 banki ikati 49,500, kusiyana ndi 3,600, ndipo 3,600 imagawika ndi 9 popanda chotsala. Kawirikawiri zikatero ndiye kuti wina anatembenuza manambala polemba. Tsegulani invoisi muone yolondola ndi iti. Ngati invoisi ikuti 45,900, vuto lakula: munalipira mopitirira, ndipo odita afuna kuona kalata yoitanitsa 3,600 ija. Ngati zotuluka ku banki zili zochepa kuposa invoisi, onani ngati simunadule msonkho polipira, muikepo chikalata cha msonkhowo ndi risiti yosonyeza kuti munaupereka ku boma.

Chomwe ndikukuchenjezani kwambiri ndi ichi: vocha ikasowa, musalembe ina n'kuikapo tsiku lakale. Manambala a mavocha amatsatana, ndipo kompyuta imasunga tsiku lomwe chinthu chinalowetsedwa. Zikadziwika, nkhani imachoka pa kusasamala n'kufika pa chinyengo. Lembani poyera kuti vocha sinapezeke, ndipo mupemphe wolipidwayo akutumizireni sitetimenti yake yosonyeza kuti ndalamazo analandira. Musakankhirenso zotsala ku akaunti ya sasipensi kuti mabuku aoneke oyera, odita amayang'ana komweko msanga.

Masitetimenti akale pemphani lero. Mabanki ena amalipiritsa kangachepe pa tsamba lililonse, ndipo zimatha kutenga masiku angapo. Akachedwa, tumizani malipiro omwe umboni wake wakwanira, otsalawo mulembe tsiku lomwe mudzawayankhe.