Makina a chala akulembetsani kuti munachedwa? Yambirani apa

"Abale ndithandizeni. Ndimagwira ku Kanengo, shifiti ya 7 m'mawa. Ndimafika nthawi isanakwane, koma masiku anayi makina a chala analemba 7:45. Abwana akuti andidula malipiro. Nditani?"

Achimwene, musailekerere nkhaniyi. Ndinagwirapo ntchito yowerengera malipiro, ndipo wowerengerayo sakhala pageti m'mawa. Amangotenga zimene makina atulutsa n'kuchulukitsa ndi ndalama ya pa ola.

Tiyerekeze kuti mumalandira K1,000 pa ola. Mphindi 45 kanayi ndi maola atatu, ndiye K3,000 yapita. Koma chopweteka chili pa ovataimu. Lamulo la ntchito la 2000 limati maola a sabata asapitirire 48, ndipo opitirira pa tsiku wamba amalipidwa ola ndi theka lake. Ngati sabata imeneyo munagwira maola 51, pepala lionetsa 48 basi, ndipo mwaluza K4,500. Kuchedwa kolembedwako ndi kumenenso mawa adzakulemberani nako kalata yochenjeza.

Mawa lomwe pemphani pepala la nthawi zanu za mwezi uno, muyang'ane nthawi yowerukira pa masiku anayiwo. Ngati nayonso yasunthira kutsogolo mofanana, mwachitsanzo munaweruka 4:00 koma palembedwa 4:50, ndiye kuti wotchi ya makinawo ndi imene inasokonekera. Zimachitika magetsi akazima. Zikatero anzanu onse a shifitiyo akhala ndi vuto lomwelo, ndipo n'kwabwino kupita limodzi. Koma ngati yolakwika ndi yolowera yokha, kawirikawiri chala chinakanidwa poyamba. Chala chonyowa, chafumbi kapena chokhakhala ndi makatoni makina sachiwerenga bwino. Munthu amadinda n'kuthamangira kuntchito osamva kuti makina akana, n'kudzadindanso kapitawo akamuuza.

Apa mufunika umboni wina. Buku la alonda pageti ndilo limathandiza kwambiri, choncho kalijambuleni pafoni tsamba lililonse la masikuwo. Kapitawo amene anakupatsani ntchito m'mawawo asayinenso kuti anakuonani.

Kenako lembani kalata, osangolankhula pakamwa. Tchulani tsiku lililonse palokha, nthawi imene makina analemba, nthawi yeniyeni ndi umboni wake. Makalata akhale awiri: ina muisiye ku ofesi yoona za antchito, inayo akusayinireni ndi deti muisunge kunyumba. Fulumirani asanatseke malipiro a mwezi, chifukwa akatseka ayamba kukuuzani kuti "tikonza mwezi wamawa". Ndipo akakupatsani pepala lovomereza kuti munachedwa, musasayine.

Akakana, sungani pepala la malipiro losonyeza zimene adula, poti lamulo limati akupatseni, mupite nalo ku ofesi ya leba ya boma la Lilongwe. Kumeneko amaitanitsa abwana kuti mukambirane, ndipo zikakanika nkhani imapita kukhoti la nkhani za ntchito. Pakadali pano, mukadinda muziima kaye mpaka dzina lanu ndi nthawi zioneke pagalasi, n'kujambula.