Ndewu ya m'bala: kupha mwadala kapena kupha mwangozi?

"Akulu, mlamu wanga anamenyana ndi mnzake m'bala ku Matawale, mnzakeyo anamwalira. Amuzenga mlandu wanji?"

Pepani, achimwene. Khothi lalikulu lidzayang'ana zimene zinali mumtima mwake pomenya, ndipo limazidziwa poona chida, malo amene anamenya ndiponso nthawi.

Ngati anamumenya chibakera chimodzi, mnzakeyo n'kugwa, mutu n'kumenyetsa pasimenti, kawirikawiri umakhala mlandu wa kupha mwangozi, gawo 208 la malamulo a milandu. Kumenyako kunali kosaloledwa, koma sanafune imfa kapena chilonda chachikulu. Chimodzimodzi ngati anangomukankha mosasamala pafupi ndi masitepe.

Koma akaswa botolo n'kubaya pakhosi, ndi kupha mwadala, gawo 209. Apa ambiri amasokonezeka. Mawu oti "sindinafune kuti afe" samupulumutsa, chifukwa kufuna kuvulaza kwambiri n'kokwanira. N'kokwaniranso kudziwa kuti zimene ukuchitazo zidzetsa imfa, iwe osalabadira.

Kuputidwa kungatsitse mlandu ngati anabwezera pomwepo, mtima usanaphwe. Akapita kunyumba kukatenga mpeni, mwayi umenewo watha. Kuledzera pakokha si chitetezo.

Apeze loya asanafotokoze chilichonse kupolisi, ndipo lipoti la dokotala woyeza mtembo mulione msanga.