Mzere wa Phillips ndi K80 ya wokanda buledi

"Anzanga a zachuma, ndithandizeni. Ndili ndi chimangirizo chokapereka Lolemba: n'chifukwa chiyani kusinthanitsa ulova ndi kukwera kwa mitengo pa mzere wa Phillips kumafooka anthu akasintha zomwe akuyembekezera? M'buku ajambula mizere itatu, koma sindikuona chomwe chikusuntha mzerewo."

Tsekani kaye bukulo, tiyambire kubekari. Mizereyo tiipeza kutsogolo. Manambala a m'chitsanzochi ndi ongoyerekeza.

Tinene kuti mayi wina ali ndi bekari pafupi ndi msika wa Kapata ku Chipata, ndipo mnyamata wokanda buledi amalandira K2,000 pamwezi. Ndalamayo imakwanira ndendende zogula zake za mwezi: ufa, saladi, makala, lendi, basi. Mu Januwale akhala pansi kukambirana malipiro a chaka chonse. Onse awiri akuganiza kuti mitengo ikwera ndi 6 peresenti monga inachitira chaka chatha, ndiye agwirizana K2,120. Apa palibe wapindula, palibe waluza.

Mkati mwa chaka banki yaikulu yatsitsa chiwongoladzanja, boma nalo lawonjezera zogula, ndalama zachuluka m'matumba mwa anthu. Mitengo yakwera ndi 10 peresenti m'malo mwa 6. Zogula za mnyamata uja tsopano zafika K2,200, koma m'envelopu muli K2,120 yomwe ija. Wapereweredwa K80 mwezi uliwonse, ndipo miyezi yoyamba sakuzindikira bwino. Akungoti mwezi uno ndalama yathamanga.

Onani mbali ya mayi uja. Buledi akugulitsa mokwera ndi 10 peresenti. Ufa wa tirigu, shuga ndi yisiti nazo zakwera ndi 10, choncho pamenepo sanapindule kanthu. Chimodzi chokha ndicho chatsalira m'mbuyo: malipiro, omwe akwera ndi 6 basi chifukwa anamangidwa mu Januwale. Kwa iwo munthu wantchito watchipa. Makasitomala ali pakhomo, ndiye alemba anyamata ena awiri a usiku. Zikachitika chomwecho m'mabekari, m'zigayo ndi m'magalaja dziko lonse, ulova utsika pomwe mitengo ikukwera. Umenewo ndiwo mzere wa Phillips wa nthawi yochepa, wotsetsereka uja.

Funso loyenera kudzifunsa ndi ili: anyamata awiri aja alembedwa ndi 10 peresenti, kapena ndi 4 peresenti yomwe palibe anaiyembekezera? Ndi 4 ija. Akanadziwa onse mu Januwale kuti mitengo ikwera ndi 10, akanagwirizana K2,200, wantchito sakanatchipa, ndipo mayi uja sakanakhala ndi chifukwa cholembera munthu wina. Chimangirizo chanu chonse chaima pa mfundo imeneyi.

Januwale wina wafika. Mnyamata uja wadya K80 yake ya lendi kwa miyezi ingapo, wachenjera nazo. Akuona kuti zogula zake zili pa K2,200, ndipo akuyembekezera kuti zikweranso ndi 10, ndiye akufuna K2,420. Mayi uja sangakane kwenikweni, chifukwa ulova watsika, bekari ina ingamutenge mawa lomwe. Mitengo ikakweradi ndi 10, zogula zifika K2,420, malipironso K2,420. Wantchito wabwerera pa mtengo wake weniweni wakale. Shifiti ya usiku ija sikulipiranso, anyamata awiri aja abwerera kunyumba. Ulova wabwerera pomwe unali, koma mitengo sinabwerere pa 6, yakhazikika pa 10, chifukwa aliyense wailemba kale m'mapangano ake.

Boma likafuna kuti anyamata awiri aja akhalebe pantchito, njira ndi imodzi: kudzidzimutsanso anthu. Mitengo ikwere ndi 14 pamene onse amayembekezera 10. Zogula zifika K2,508, malipiro ali K2,420, wantchito watchipanso pafupifupi mofanana ndi kale. Chaka chinacho anthu ayembekezera 14, ndiye pafunika 18. Ulova wotsikawo ukugulidwa chaka ndi chaka pamtengo wokwererakwerera.

M'chimangirizo muike zimenezi m'fomula iyi:

```
π = πe − a(u − un)
```

π ndi kukwera kwa mitengo komwe kwachitikadi, πe ndi komwe anthu amayembekezera, u ndi ulova womwe ulipo, un ndi mlingo wachibadwa wa ulova, ndipo a akuonetsa kutsetsereka kwa mzere. Mawu oti wachibadwa asakusokonezeni. Satanthauza ulova wabwino kapena wosasinthika. Ndi ulova womwe umatsala pamene palibe amene wadzidzimutsidwa ndi mitengo: anthu omwe ali pakati pa ntchito ina ndi ina, omwe luso lawo silikufunika komwe ali, ndi ena otero. Ikani un = 7 ndi a = 2. Chaka choyamba πe = 6 ndipo π = 10, ndiye u = 5. Chaka chachiwiri πe = 10, ndipo π ikakhala 10, u = 7. Kuti u akhalebe 5, π iyenera kukhala 14. Ndi nkhani ya kubekari yomwe ija. Muonenso kuti nthawi iliyonse pomwe π ikufanana ndi πe, kaya onse ndi 6, kaya 10, kaya 40, u amakhala 7. Mukalumikiza madontho amenewo mupeza mzere woima chilili pa 7, mzere wa nthawi yaitali womwe mabuku amaulemba LRPC.

Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amatayira mamakisi. Kuchoka pa ulova 7 ndi mitengo 6 kupita pa ulova 5 ndi mitengo 10 ndi kuyenda pamzere womwewo wa nthawi yochepa, womwe mabuku amaulemba SRPC1, chifukwa πe sinasinthe. Kuchoka pamenepo kupita pa ulova 7 ndi mitengo 10 ndi mzere wonse kukwera m'mwamba kukhala SRPC2, chifukwa πe yasintha. Mzere uliwonse wa nthawi yochepa uli ndi πe yakeyake, ndipo umadula mzere woima chilili pamalo pomwe π ikufanana ndi πe yakeyo. Lembani πe = 6 pambali pa mzere woyamba, πe = 10 pambali pa wachiwiri. Wochonga akaona zimenezo amadziwa kuti mwamva.

Za mbiri, ndime imodzi yakwana. A. W. Phillips analemba mu 1958, pogwiritsa ntchito ziwerengero za ku Britain za 1861 mpaka 1957, ndipo iye amayerekeza ulova ndi kukwera kwa malipiro. Paul Samuelson ndi Robert Solow mu 1960 ndiwo anauika pa mitengo ya katundu, ambiri nayamba kuuona ngati mndandanda woti boma lisankhepo. Edmund Phelps mu 1967 ndi Milton Friedman mu 1968 anatsutsa kuti mndandandawo sungakhalitse, ndipo ananena izi zisanachitike. M'zaka za m'ma 1970 ulova ndi mitengo zinakwera pamodzi ku Amerika ndi ku Britain. Koma musaiwale kutchula kukwera kwa mtengo wa mafuta kwa 1973, chifukwa gawo lina la vutolo linachokera kumeneko.

Funso lanu likuti kumafooka, ndiye wochonga afuna kumva kuti kumafooka mwaliwiro lotani. Zimadalira mmene anthu amapangira chiyembekezo chawo ndi kutalika kwa mapangano. Mnyamata wathu amayang'ana m'mbuyo: chaka chatha zinakwera ndi 10, ndiye chaka chino 10. Munthu wotero amatsalira chaka chimodzi nthawi zonse, ndipo boma lingamudzidzimutse kangapo. Robert Lucas ndi anzake anati anthu amayang'ananso kutsogolo, amamvera zomwe banki yaikulu yalengeza ndi bajeti ya boma, ndiye ndondomeko yodziwikiratu singadzidzimutse aliyense. Ine ndimaona kuti zonse ziwiri zimapezeka m'tauni imodzi. Wosintha ndalama pa Mwami amasintha mtengo wake tsiku lomwelo akamva kuti kwacha yagwa. Mayi wa golosale saika mtengo wa shuga poona zomwe anagulira, amaona zomwe akaodere sabata yamawa. Waganyu amakambirana mtengo m'mawa uliwonse. Mphunzitsi wa boma yekha ndiye amadikira zokambirana za bungwe lake ndi boma. Kumene mapangano ambiri ndi a tsiku kapena sabata, mpata wa K80 uja umatsekeka msanga, ndipo mzere wa nthawi yochepa womwewo umakhala wotsala pang'ono kuima chilili. Kumene anthu anapsapo kale ndi mitengo, monga kuno kwathu ku Zambia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, sachedwa kuchenjera.

Fomula yomweyo imagwiranso ntchito potsika, ndipo ndime imeneyi ingakupatseni mamakisi owonjezera. Ngati πe = 10 ndipo banki yaikulu yakoka mitengo kufika pa 6, u akwera kufika 9, chifukwa malipiro anamangidwa pa 10 pomwe buledi wakwera ndi 6 yekha. Zinachitika ku Amerika nthawi ya Paul Volcker, yemwe anali mkulu wa banki yaikulu ya kumeneko: kukwera kwa mitengo kunatsika kuchoka pa 13.5 peresenti mu 1980 kufika pa 3.2 mu 1983, koma ulova unafika 10.8 peresenti kumapeto kwa 1982. Ndicho chifukwa chake Banki ya Zambia imalengeza poyera kuti ikufuna mitengo izikwera pakati pa 6 ndi 8 peresenti. Anthu akakhulupirira nambalayo, πe siyendayenda ndi mphepo iliyonse.

Chenjezo limodzi ngati mukufuna kuikamo chitsanzo cha kwathu. Musatenge chilala cha 2024 n'kunena kuti ndi umboni wa Friedman. Chimanga chinapsa m'minda, madzi anachepa ku Kariba, magetsi anavuta, ufa unakwera pomwe ntchito zikuchepa. Pamenepo mzere unasunthidwa ndi kusowa kwa katundu, ndipo m'fomula mumawonjezera chilembo china kumapeto choimira vuto lotero. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: ngati ulova unayamba watsika kenako n'kubwerera mitengo ili pamwamba, ndi chiyembekezo chomwe chasintha. Ngati ulova ndi mitengo zakwera limodzi kuyambira pachiyambi, yang'anani mvula, mafuta kapena kwacha. Pomwe ziwirizi zimakumana ndi apa: banki yaikulu inakweza chiwongoladzanja chaka chimenecho, ngakhale chiwongoladzanja sichigwetsa mvula, pofuna kuti kukwera kwa ufa kwa nyengo imodzi kusalowe m'mapangano a malipiro ndi a lendi a chaka chotsatira.

Muonjezenso chiganizo chimodzi chonena kuti anthu ambiri kuno amadzilemba okha kapena ali kumunda, choncho ntchito zikachepa salembedwa ngati malova, amangoyamba kugulitsa tomato pamsewu. Pa chifukwa chimenecho, jambulani galafu yanu ndi manambala ongoyerekeza ngati anga aja, ndipo munene poyera kuti ndi ongoyerekeza.