Diarrhoea kapena diarrhea: kalembedwe koyenera m'fayilo ya wodwala ndi m'chimangirizo

"Akuluakulu, ndithandizeni. Aphunzitsi andidula malikisi chifukwa ndinalemba edema ndi pediatric, pomwe buku limene ndimawerenga limalemba choncho. Nanga diarrhoea, nthawi zonse ndimasokoneza pamene pakhale h. Zoona n'ziti, ndipo m'fayilo ya wodwala ndizilemba bwanji?"

Buku lanulo silinalakwe, koma aphunzitsi anunso akhoza kukhala ndi chifukwa chomveka. Chingerezi cha zachipatala chili ndi kalembedwe kawiri. Ka ku Britain kamasunga zilembo ae ndi oe: diarrhoea, oedema, paediatric, anaemia, oesophagus. Ka ku America kamachotsa a kapena o n'kusiya e yekha: diarrhea, edema, pediatric, anemia, esophagus. Chizolowezi chofupikitsa kalembedwe ku America chinalimba kuyambira pa mtanthauziramawu wa Noah Webster wa 1828, ndipo mawu azachipatala anatsatira njira yomweyo pang'onopang'ono. Chimene chimadulitsa malikisi kawirikawiri ndi kusakaniza, monga kulemba oedema pa tsamba loyamba kenako edema pa lachitatu, kapena kugwiritsa ntchito kalembedwe kamene sukulu yanu sinasankhe. Choncho yambani mwaona buku la malamulo a kalembedwe la sukulu yanu, kapena mafomu osindikizidwa a chipatala chimene mukuphunzirirapo ntchito. Ngati fomu ikuti paediatric, nkhani yatha, tsatirani ka ku Britain kuyambira mutu mpaka mzere womaliza.

Khutu silingakuthandizeni pano, chifukwa o wa oedema ndi a wa paediatric samveka potchula. Chothandiza ndi kudziwa kumene zilembozi zinachokera. Mawu ambiriwa ndi a Chigiriki ndipo analowa m'Chingerezi kudzera m'Chilatini. Pamene Agiriki ankalemba ai, Chilatini chinalemba ae, ndipo pamene ankalemba oi chinalemba oe. Ndiye m'malo moloweza mawu mazanamazana, lowezani masinde ochepa okha. Tsinde la magazi ndi haem likakhala kumayambiriro, aemia likakhala kumapeto, n'chifukwa chake pali haemoglobin, anaemia ndi ischaemia. La mwana ndi paed. La kupuma ndi pnoea, monga dyspnoea ndi apnoea. Mukadziwa tsinde, mawu onse a m'banja lakelo mumawalemba bwino ngakhale muwamve koyamba.

Diarrhoea aduleni patatu: dia, rrh, oea. Chidutswa choyamba chimatanthauza kupyola, ndipo zinazo zimachokera ku mawu otanthauza kuyenda kwa madzi. M'Chigiriki, r woyamba tsinde amalembedwa rh, ndipo kutsogolo kwake kukaphatikizidwa chidutswa chothera ndi lembo la liwu, r uja amakhala awiri. Motero h nthawi zonse amabwera pambuyo pa ma r awiriwo, osati patsogolo pawo, ndiponso osati pambuyo pa o. Zolakwika zofala ndi diarhoea, diahorrea ndi diarrohea, ndipo zonsezi n'zolakwika m'kalembedwe konse kawiri, chifukwa a ku America amangochotsa o basi, rrh samukhudza. Dongosolo lomweli mulipeza mu gonorrhoea, amenorrhoea, haemorrhage, haemorrhoids ndi arrhythmia.

Vuto lalikulu, limene limagwira ngakhale anthu amene agwira ntchito zaka zambiri, ndi kupitirira muyezo: munthu akazindikira kuti a ku Britain amakonda ae, amayamba kumwaza a paliponse pamene akumva e. Taonani mzere uwu, wofanana ndi imene imapezeka m'mafayilo a ana:

```
Paediatric ward. 3 yrs. Diarrhea x 4 days, bilateral paedal oedema,
anaemia, thrombocytopaenia.
```

Muli zolakwika zitatu, ndipo chilichonse chili ndi chifukwa chakechake. Choyamba ndi kusakaniza kuja: paediatric, oedema ndi anaemia ndi a ku Britain, pomwe diarrhea ndi wa ku America. Chachiwiri ndi paedal. Mwanayu watupa mapazi onse awiri, ndipo mawu a phazi amachokera ku tsinde la Chilatini lakuti ped, limene silinakhalepo ndi a. Ndi pedal oedema, monganso mtsempha wa pamwamba pa phazi uli dorsalis pedis. Tsinde la mwana ndi la phazi amangofanana m'kalembedwe ka ku America, koma si pachibale. Chosokoneza n'chakuti orthopaedic ali ndi ae, ndipo ambiri amaganiza kuti ndi chifukwa cha mapazi, chonsecho dzinali linayamba ponena za kuwongola matupi a ana opunduka, ndiye ndi la m'banja la paed. Chachitatu ndi thrombocytopaenia. Chidutswa chakumapeto chotanthauza kuperewera ndi penia, chopanda ae m'kalembedwe konse kawiri, choncho ndi thrombocytopenia, neutropenia, pancytopenia. Anthu amachisokoneza ndi aemia chifukwa zonse zimatchulidwa pa nkhani za magazi. Mzerewu ukakonzedwa ukhala chonchi:

```
Paediatric ward. 3 yrs. Diarrhoea x 4 days, bilateral pedal oedema,
anaemia, thrombocytopenia.
```

Fetus ndi nkhani inanso ya mtundu womwewu. M'Chilatini mawuwa analibe o, ndipo foetus inabwera chifukwa cha alembi amene anaganiza kuti akukonza. M'manyuzipepala a ku Britain mudzaonabe foetus, koma mabuku ndi magazini azachipatala a komweko amalemba fetus ndi fetal. M'chimangirizo lembani fetal heart rate, ndipo mphunzitsi akazunguliza ndi cholembera chofiira, muonetseni buku la za uchembere lochokera ku Britain komweko. Angioedema nayenso amalembedwa ndi o mmodzi masiku ano mbali zonse ziwiri, pomwe lymphoedema ndi myxoedema amasunga oe m'kalembedwe ka ku Britain.

Pali mayina amene sasintha kaya mwasankha kalembedwe kati. Mayina asayansi a tizilombo ndi a Chilatini ndipo dziko lonse limawalemba mofanana: Haemophilus influenzae, Neisseria gonorrhoeae, Schistosoma haematobium. Wa ku America amalemba gonorrhea ponena za matenda a chinzonono, koma kachilombo kake amakalemba ndi oe ngati wina aliyense. Mayina a mankhwala amatsatira mndandanda wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, umene umaika e m'malo mwa ae ndi oe, komanso f m'malo mwa ph. N'chifukwa chake m'chiganizo chimodzi mungalembe oestrogen ponena za mahomoniwo, koma estradiol ponena za mankhwala, ndipo simunasakanize. Polemba mankhwala, koperani dzina monga lilili pa bokosi kapena m'buku la mankhwala. Ndipo mukamagwira mawu a wolemba wina kapena kutchula mutu wa nkhani yake, siyani monga anasindikizira. Magazini ya Pediatrics ndi ya ku America, ndipo kuiwonjezera a pa mndandanda wa mabuku amene mwawerenga ndi kulakwitsa.

Zachimangirizo zambiri zimakonzeka pa kompyuta. Mu Microsoft Word, sankhani zonse ndi `Ctrl+A`, pitani ku `Review`, kenako `Language`, kenako `Set Proofing Language`, sankhani `English (United Kingdom)` ndipo chotsani chizindikiro pa `Detect language automatically`. Mukapanda kuyamba ndi kusankha zonse, chilankhulo chimasintha pamalo pamene mwaima pokha, ndipo ndime zimene munakopera kwina zimakhalabe ndi chilankhulo chimene zinabwera nacho. Ndi mmene kusakaniza kumalowera mwakachetechete. Mukatero, fufuzani ndi `Ctrl+F` tizidutswa iti, kamodzikamodzi: emia, edema, rrhea, pnea, pediat, hem, esoph. Koma musathamangire `Replace All`. Mukauza kompyuta kuti isinthe edema aliyense akhale oedema, oedema amene anali kale bwinobwino asanduka ooedema, ndipo angioedema akhala ndi ma o awiri. Chongani `Find whole words only`, kapena sinthani liwu limodzilimodzi mukuona, makamaka mukafika pa mndandanda wa mabuku.

Kachinthu kena kamene kamaoneka ngati kusakaniza koma sikuli: mathero a ize. Buku la WHO la manambala a matenda, ICD-10, pa R60.0 limalemba Localized oedema, z ndi oe pamodzi. Kameneko ndi kalembedwe kovomerezeka ka ku Britain kamene kamadziwika ndi dzina la Oxford. Ise kapena ize, zonse zimaloledwa, bola musasinthesinthe.

M'fayilo ya wodwala muyezo ndi wina. Namwino wolowa usiku akawerenga edema kapena oedema amva chimodzimodzi, wodwala savulala. Kalembedwe kamene kamavulaza ndi ka mawu awiri osiyana tanthauzo koma osiyana chilembo chimodzi chokha, ndipo kompyuta siwagwira chifukwa onse ndi mawu enieni. Dysphagia ndi kuvutika kumeza, dysphasia ndi kuvutika kulankhula kapena kumva zonenedwa, ndipo zonse ziwiri zimapezeka mwa munthu wodwala sitiroko. Mukalemba s pamene mumafuna g, wobwera pambuyo panu aganiza kuti vuto ndi kulankhula chabe, am'patsa chakudya ndi madzi pakamwa, zina zilowa m'mapapo, mapeto ake chibayo. Ileum ndi chigawo chomaliza cha matumbo aang'ono, ilium ndi fupa la m'chiuno. Hyper ndi hypo akalembedwa mothamanga ndi dzanja amafanana kwambiri, chonsecho wina ndi kuchuluka, wina kuchepa. Pa mawu oterewa lembani zilembo zooneka bwino, ndipo onjezani nambala kapena mawu wamba pambali, monga mlingo weniweni wa potaziyamu ndi muyezo wake, kapena kuti wodwalayo akutsamwa akamamwa madzi.

Zidule nazo zimatsatira kalembedwe. Matenda a asidi wobwerera kummero a ku Britain amawafupikitsa GORD, a ku America GERD, chifukwa cha o wa oesophagus uja. Kuunika kummero ndi m'mimba ndi kamera kuli OGD kwa ena, EGD kwa ena. Ngati chidule sichili pa mndandanda wovomerezeka wa chipatala chanu, lembani mawu onse.

Pomaliza, pofufuza m'mafayilo a pa kompyuta kapena m'nkhokwe za kafukufuku, kusiyana kwa kalembedwe kumabisa zinthu. Mukafufuza diarrhoea yekha mu Excel, mizere yonse yolembedwa diarrhea siwerengedwa, ndipo chiwerengero cha odwala chituluka chochepa popanda chokuchenjezani. Fufuzani ndi chidutswa chimene mbali zonse zili nacho, monga diarrh. Mu PubMed mayina a mitu ya MeSH, imene amagwiritsa ntchito posanja nkhani, ali m'kalembedwe ka ku America, choncho polemba mawu ofufuzira ikani mitundu yonse iwiri:

```
diarrh* AND (paediatr* OR pediatr*) AND (oedema OR edema)
```

Nyenyeziyo, imene imaimira zilembo zilizonse zotsala, sigwira ntchito koyambirira kwa liwu. Kwa diarrh ikukwanira chifukwa kusiyana kuli kumapeto, koma kwa paediatric ndi oedema kusiyana kuli koyambirira kwa liwu, ndiye palibe kuchitira mwina, muyenera kulemba onse awiri.