Thaulo Losiya Tiubweya Pathupi

"Achimwene, mathaulo awiri amene ndinagula mwezi watha akusiya tiubweya pathupi pa ana ndipo sakuumitsa thupi, chonsecho m'sitolo anali ofewa kwambiri. Ndinalakwitsa pati?"

Zikomo achemwali, ndamva. Chimene chinakupusitsani ndi kufewa komweko, chifukwa mafakitale ambiri amapaka mathaulo mankhwala ofewetsa asanawatumize kumasitolo, ndipo mankhwalawo amakuta ulusi ngati mafuta, kotero kuti dzanja limamva kukoma koma madzi amangoterereka osalowa. Mankhwalawo amachoka mukachapa kangapo, ndipo pamenepo m'pamene thaulo limaonetsa khalidwe lake lenileni.

Nkhani ya tiubweya imayambira pa thonje lenilenilo. Mukatenga thonje la m'munda n'kulikoka ndi zala, mudzaona kuti ndi titsitsi tambirimbiri, ndipo ulusi umapangidwa popota titsitsi timeneti pamodzi. Titsitsi ta thonje lotchipa nthawi zambiri sitipitirira mamilimita 25 kutalika kwake, pamene ta thonje lapamwamba, monga la Pima kapena mitundu ina ya Giza ya ku Igupto, timafika mamilimita 35 ngakhale kuposerapo. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa, koma ganizirani chingwe chimene mwapota ndi luzi lalifupilifupi: chimakhala ndi nsonga zambiri zotulukira kunja, ndipo luzi lililonse limagwirana ndi linzake pang'ono chabe. Ulusi wa titsitsi tatifupi ulinso chimodzimodzi, moti mukamadzipukuta kapena kuchapa, titsitsito timasololoka kamodzikamodzi. Mafakitale osamala amayamba apesa thonje kuti tatifupi tichoke asanapote ulusi, koma kupesako kumataya gawo la thonjelo, n'chifukwa chake opanga zotchipa amakudumpha.

Ngakhale thaulo labwino limasiya tiubweya poyamba, chifukwa limabwera ndi zotsalira za kufakitale, koma limaleka mukalichapa kawiri kapena katatu. Ngati anuwo akuyoyokabe mutawachapa kasanu, ndiye kuti vuto lili mu ulusi, ndipo palibe sopo amene angalithetse. Adzangopitiriza kupyapyala mpaka nsalu yapansi iyambe kuonekera.

Tsopano litengeni limodzi, muliyang'anitsitse pafupi. Pamwamba pake pali timphete ta ulusi toimirira, tolukidwa pansalu yapansi imene imatigwira, ndipo timphete timeneti ndi timene timayamwa madzi. Tikakhala tothithikana, ulusi wokhudza khungu umachuluka ndipo madzi amapeza malo ambiri olowa. Pindani thaulolo pachala chanu: ngati nsalu yapansi ikuonekera mosavuta pakati pa timphete, ndiye kuti anaumira ulusi. Muliyang'anenso padzuwa, chifukwa loluka bwino sililola kuwala kwambiri kudutsa. Palinso mathaulo ena, makamaka a zithunzi zokongola amene ana amawakonda, omwe mbali imodzi timphete take anatimeta kuti pakhale posalala. Mbali yometedwayo siyamwa bwino, choncho anawo muwauze kuti azidzipukutira mbali inayo. Kansalu kosokerera m'mphepete nakonso muzikawerenga, popeza thaulo losakaniza ndi poliyesitala limayamwa mochepa poyerekeza ndi la thonje lokhalokha.

Njira imene ine ndimaidalira kwambiri ndi sikelo. Opanga amayeza thaulo ndi magalamu a nsalu yotalika mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ndipo nambala yake amailemba ndi zilembo zakuti GSM. Mwamwayi, thaulo losambira la masentimita 70 m'lifupi ndi 140 m'litali limangotsala pang'ono kukwana muyeso umenewu, kotero kulemera kwake lili louma ndi pafupifupi nambala yomweyo. Likalemera magalamu 300 ndi lopyapyala ndipo lidzanyowa lonse mwana asanamalize kudzipukuta. Likalemera pakati pa 450 ndi 600 ndiye loyenera pakhomo ngati panu. La 700 kapena 800 limakoma m'thupi, sindikana, koma ine sindingakulangizeni, chifukwa inu mumachapa pamanja, ndipo kulifinya kwake ndi ntchito, komanso nthawi ya dzinja limachedwa kuuma mpaka kuyamba kununkha chinyontho.

Musanawataye awiriwo, achapeni paokha ndi madzi ofunda ndi sopo wochepa, muwatsukuluze m'madzi amene mwathiramo theka la kapu ya viniga woyera, ndipo musathiremo mankhwala ofewetsa zovala aja, chifukwa amabwezeretsa vuto lomwelo. Poyanika muziwakutumula mwamphamvu kuti timphete tidzuke. Akauma, dontheserani madzi pang'ono pamwamba pake. Madzi akalowa nthawi yomweyo, mathaulowo apulumuka. Akakhala ngati mkanda pamwamba ngakhale mwabwereza kuchapa koteroko katatu, aduleni akhale zokolopera, ndipo tsiku lokagula ena mudzanditenge, tidzapite ndi kansalu kakuda kokhula pathaulo kuti tione tiubweya tisanalipire.