Mauthenga ofika pokhapokha mwatsegula WhatsApp

"Foni yanga imakhala chete tsiku lonse, koma ndikangotsegula WhatsApp mauthenga amagwa ambirimbiri nthawi imodzi, ena a m'mawa. Vuto ndi chiyani?"

Musanasinthe chilichonse, funsani amene amakutumiziraniwo kuti amaona zizindikiro zingati pa uthenga wawo. Ngati amaona ziwiri koma foni yanu sinalire, uthengawo unafika ndithu, ndipo vuto lili pa chilolezo cha zidziwitso kapena pa Do Not Disturb. Ngati chimakhala chimodzi mpaka inu mutatsegula pulogalamuyo, pomwe deta muli nayo, ndiye kuti foni ikuigoneka pofuna kusunga moto wa batire.

Kuyambira pa Android 6.0 ya mu 2015, foni ikasiyidwa pansi osakhudzidwa, sikirini itazima ndiponso isali pa chaja, imalowa m'tulo totchedwa Doze. M'tulomo mapulogalamu saloledwa kugwiritsa ntchito intaneti, kupatula pa timphindi tochepa tomwe foni imadzidzimuka, ndipo timphindito timanka titalikirana. Komabe uthenga wachangu umatha kuidzutsa, choncho Doze payokha kawirikawiri sichititsa vuto lalikulu chonchi. Chimene chimapweteka ndi zimene opanga mafoni ena amawonjezera pamwamba pake, zomwe zimatsekeratu pulogalamu m'malo mongoigoneka. Pulogalamu yotsekedwa mokakamiza singalandire kanthu mpaka mwini wake ataitsegula ndi chala, n'chifukwa chake mauthenga anu amabwera mulu.

Lowani mu Settings, kenako Apps, musankhe WhatsApp, ndipo pa Battery muike Unrestricted. Mawuwa amasiyanako malinga ndi foni. Pa Xiaomi ndi No restrictions, ndipo muyatsenso Autostart, chifukwa popanda iyo chinacho sichikwanira. Pa Samsung onetsetsani kuti pulogalamuyo sili pamndandanda wa Sleeping apps kapena Deep sleeping apps. Ngati Data Saver ndi yoyatsa, ipatseninso WhatsApp chilolezo cha Unrestricted data. Ndikukupemphani kwambiri kuti muchotse mapulogalamu aja amati amayeretsa foni n'kuifulumizitsa, popeza ntchito yawo yeniyeni ndi kutseka zomwe mukufuna kuti zikhale maso.

Poyesa ngati zatheka, ambiri amalakwitsa poyesera foni ili pa chaja kapena ili m'manja, pomwe nthawi imeneyo sigona n'komwe. Ichotseni pa chaja, zimitsani sikirini, muisiye patebulo kwa ola lathunthu, kenako wina akutumizireni uthenga. Ikalira nthawi yomweyo, zatheka.

Batire lizitha msangako pang'ono, choncho ufulu umenewu mungoupereka kwa mapulogalamu awiri kapena atatu amene mauthenga ake sangadikire. Foni ikalandira Android yatsopano, mudzayang'anenso malo onsewa, chifukwa pa mafoni ena zosankha zanu zimabwerera mwakale popanda kukuuzani.