Walira mvula walira matope: tiunene bwanji m'Chijeremani?

"Achimwene, ndimakhala ku Hamburg. Mng'ono wanga akukwatiwa ndi Mjeremani ndipo andipempha kuti ndikapereke malangizo paukwati. Ndikufuna ndikanene mwambi wa agogo athu, 'Walira mvula walira matope'. Ndalemba kuti *Wer um Regen weint, weint um Schlamm*, koma mnzanga wa kuntchito wangoti kukamwa yasa. Ndalakwitsa pati?"

Achemwali, pamene pakhota nyani mchira ndi pa mawu akuti *weint um*. Mjeremani akati *um jemanden weinen* amanena kulira maliro, kulirira munthu amene wapita. Choncho mnzanuyo wamva za munthu amene akukhuza mvula yomwe yamwalira, kenako akukhuzanso matope. Kulira kwa mumwambi wathuwu n'kwina. Ndi kuja timati ntchito iyi ikulira ndalama zambiri, kapena kwa mwana wolirira bere: kufunitsitsa chinthu chimene ulibe. Tsono mneni woyenera ndi *bitten*, kupempha. Ena angasankhe *rufen*, kuitana, koma ameneyu amamveka ngati munthuyo ali ndi mphamvu zogwetsa mvula, pamene wa mumwambiwu ndi mlimi wamba amene wangoyang'ana kumwamba.

Koma vuto lalikulu ndi mvulayo. Kwathu kumauma kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Pofika Novembala mizere tatha kupanga, mbewu ili m'thumba, dothi likuwotcha kumapazi, ndipo kamtambo kakangodutsa aliyense amatukula mutu. M'khutu mwathu mawu akuti mvula ndi nsima. Ku Jeremani imagwa mwezi uliwonse, ndipo m'zonena zawo imaimira tsoka. Amati *Auf Regen folgt Sonnenschein*, mvula ikatha dzuwa limawala, monga ife timati kunja kudzacha. Amatinso *vom Regen in die Traufe* ponena za wothawa vuto n'kugwera lina loposa. Ndiye mukangoti *Regen* ndi *Schlamm*, iwo akuona zoipa ziwiri zitatsatana, pamene mwambi wathu waimika dalitso pambali pa chovuta chake. Izi mneni yekha sangazikonze. Muyambe mwawauza chiganizo chimodzi: *Bei uns wartet man monatelang auf den Regen*, kwathu timadikira mvula miyezi yambiri.

Matope ali ndi mayina atatu. *Dreck* ndi nyansi, ndipo amatukwanira, paukwati musayerekeze. *Matsch* ndi matope oseweretsa ana. Mwaona timathalauza ta pulasitiki timene amawaveka kusukulu ya mkaka, amati *Matschhose*. Anthu angaseke pamene simukufuna kuti aseke. *Schlamm* ndiye matope enieni, aja amameza nsapato n'kutitimiza ngolo panjira ya kudambo. Apa munasankha bwino.

Ndikudziwa kuti wina akuuzani kuti musavutike, Ajeremani ali ndi yawo: *Wer A sagt, muss auch B sagen*, wanena A ayenera kunenanso B, kapena *Wer das eine will, muss das andere mögen*, wafuna ichi ayenera kukondanso icho. Tanthauzo layandikiradi, koma ine ndikukana ndi mtima wonse. Onsewa ali ndi *muss*, uyenera. Akuloza munthu chala ngati mwini ngongole. Mwambi wathu sulamula. Tamverani mmene agogo ankaunenera: walira, walira, mneni mmodzimodzi kawiri, kusonyeza kuti pamene unkapempha mvula paja matope unali utawapempha kale, kungoti sunadziwe. Muli chifundo mmenemo, ngati kugwira mwana paphewa. Mukaika *muss*, chifundocho chatha. Wina uja woti *Keine Rose ohne Dornen*, palibe duwa lopanda minga, ndi wofatsa, koma mulibe munthu wopempha, ndipo duwa silidyetsa mudzi.

Ine ndingalembe chonchi:

*Wer um Regen bittet, bittet auch um Schlamm.*

Mwayi wake, miyambi yambiri ya Chijeremani imayamba ndi *Wer*, amene, ngati "wa-" wathu, choncho khutu lawo lizindikira msanga kuti uwu ndi mwambi. Malamulo a chilankhulo chawo amakankhira mneni kumapeto kwa gawo loyamba, ndiye *bittet, bittet* amagundana pakati, kubwereza kuja n'kusungika. Kamawu kakuti *auch* n'kathu "-nso". Mumwambi wathu mulibe, koma kwa iwo chiganizo chimatsimphina popanda iko. Chimene chatayika ndi misozi, poti kupempha n'kozizira kuposa kulira. Misoziyo ibwezeni ndi mawu anu: yambani mwaunena m'Chichewa, pang'onopang'ono, mupume, kenako Chijeremani.

Ndipo chonde, achemwali, matopewo muwatchule dzina pomwepo: matenda, ndalama zikachepa, mwana wolira usiku, kulakalaka kumudzi nthawi ya chisanu. Mukapanda kutero, apongozi a mng'ono wanu akhoza kupita kunyumba akuganiza kuti mkwati ndiye mvula, iwo ndiwo matope.